Uthenga wa Chipepeso kwa Mnzanu wa Kuntchito: Wachizolowezi ndi Wokonza Bwino

Mnzanu wa mu ofesi wataya mayi ake, inu mwamva pa gulu la WhatsApp. Mauthenga awiri ndi awa.

Wachizolowezi: "Aise ndamva za masteni ako, pepa. Chachitika n'chani? Ubwera liti? Lipoti lija likudikira."

Wokonza bwino: "Achimwene, ndamva za imfa ya mayi. Pepani kwambiri. Za ntchito musade nkhawa, lipoti la Lachisanu ndilemba ine. Mwambo wa maliro mukaudziwa mutiuze, tidzabwera. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse."

Nthawi: woyamba umatha m'kamphindi, wachiwiri umafuna mphindi zitatu.

Ulemu: woyamba ukunena "iwe", wachiwiri "inu". Pamaliro ngakhale mnzanu wodya naye mbale imodzi mumamupatsa ulemu, chifukwa foni yake masiku amenewo imakhala m'manja mwa abale.

Pamene asiyana kwambiri ndi pa mafunso. Woyamba uli ndi mafunso awiri, ndipo namfedwa ayenera kufotokoza matenda a mayi ake, kenako awerengere masiku a tchuthi, misozi ili m'maso. Wachiwiri sufuna yankho lero. Ukuchotsanso katundu mmodzi wotchulidwa dzina, lipoti lija, zomwe zimaposa kungoti "mukafuna thandizo munene", chifukwa namfedwa sapempha kawirikawiri. Koma musalonjeze kubwera ngati simupita.

Wachidule ungathe kwa mnzanu wapamtima amene mumuimbira foni posachedwa, bola muchotse za lipotizo. Kwa bwana, wamkulu kwa inu, kapena pagulu la ofesi, tumizani wachiwiri.