Mivi, bokosi kapena masamu: njira iti yowerengera ABG pa mayeso?

Anzanga amene mukukonzekera mayeso kuno ku Zomba, kaya muli ku Malawi College of Health Sciences kaya ku St Luke's ku Malosa, njira zowerengera ABG, kuyeza kwa mpweya ndi asidi m'magazi, zimene zimazungulira m'magulu athu okambirana ndi zitatu. Pali ya mivi, imene ambiri amailemba kuti ROME, chidule cha Respiratory Opposite, Metabolic Equal, pamwamba pa pepala. Pali ya bokosi la mizere itatu. Ndiye pali ya masamu, yofufuza ngati thupi labwezera mokwanira. Anthu amakangana ngati zonse zimayankha funso limodzi, pomwe ziwiri zoyambazo zimangotchula dzina la vuto, ndipo yachitatuyo ndi imene imaulula ngati pali vuto lachiwiri lobisala.

Zonse zimadalira manambala omwewo. pH, muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'magazi, yabwino ndi 7.35 mpaka 7.45. PaCO2, mpweya umene mapapo amatulutsa, ndi 35 mpaka 45 mmHg. HCO3, bayikaboneti amene impso zimasunga kapena kutaya, ndi 22 mpaka 26 mmol/L. PaCO2 ikachuluka magazi amapita ku asidi, pamene HCO3 ikachuluka amachokako ku asidi.

Njira ya mivi ndiyo yachangu. Mumaika muvi wokwera kapena wotsika pa nambala iliyonse. Ngati pH ndi PaCO2 zaloza mbali zosiyana, vuto ndi la kupuma. Ngati pH ndi HCO3 zaloza mbali imodzi, vuto ndi la metaboliki. Munthu amene wasanza masiku angapo, pH 7.51, HCO3 34, PaCO2 44: mivi iwiri yoyambayo yakwera limodzi, ndiye ndi alikalosisi ya metaboliki, mwatha. Pa funso losankha yankho, lopanda msampha, palibe njira yoposa imeneyi.

Koma mivi imasowa chochita pH ikakhala pakati pabwino. Taganizirani agogo amene mapapo awo anawonongeka ndi utsi wa nkhuni wa zaka zambiri: pH 7.36, PaCO2 58, HCO3 32. pH ilibe muvi, pomwe enawo onse akwera. Ambiri apa amaona HCO3 32 n'kulemba alikalosisi ya metaboliki, n'kutaya malikisi. Chothandiza ndi kudula pa 7.40. Nambala ya 7.36 ili mbali ya asidi, ndipo mwa ziwirizo chokokera ku asidi ndi PaCO2 yokwerayo. Choncho vuto loyamba ndi asidosisi ya kupuma, ndipo impso zasunga bayikaboneti pobwezera. Izi zimatheka chifukwa thupi pobwezera silipitiriza mpaka kudutsa pakati. Funso lotere limakuuzaninso kuti matendawa ndi akale, popeza impso zimafuna masiku atatu mpaka asanu kuti zifike pamenepo. Vutoli likadayamba usiku wathawu, HCO3 ikadangokwera ndi 1 pa 10 mmHg iliyonse yowonjezereka, ndipo ikadakhala cha m'ma 26.

Bokosi limachita zomwezo koma ndi maso. Mumajambula mizere itatu, asidi, pakati ndi alikali, n'kuika nambala iliyonse pamalo pake. Imene yagwera mzere umodzi ndi pH ndiyo yayambitsa vuto. Ubwino wake ndi woti kubwezera kumaoneka poyera: yotsalayo ikakhala pakati, thupi silinabwezere, ikakhala mzere wa tsidya lina labwezera pang'ono, ndipo pH ikabwerera pakati labwezera kwathunthu. Kwa ophunzira unamwino, amene mafunso awo nthawi zambiri amafuna mawu amenewa, ine ndimati bokosi limaposa mivi. Limakhululukiranso munthu amene wanjenjemera m'holo ya mayeso. Msampha wake ndi umodzi: PaCO2 imayenda chobwerera. Yoposa 45 imalowa mzere wa asidi, yochepera 35 wa alikali. Mukaiyika ngati HCO3, bokosi lonse lakunamizani.

Tsopano pamene ndikufuna tikhalitsepo. Funso likuti mnyamata wa shuga wabwera akupuma mozama ndi mofulumira, ndipo pali zotsatira ziwiri, za m'mawa ndi za masana.

```
A: pH 7.26  PaCO2 23  HCO3 10
B: pH 7.12  PaCO2 32  HCO3 10
```

Yesani mivi pa A: pH yatsika, HCO3 yatsika, PaCO2 yatsika. Asidosisi ya metaboliki yobwezeredwa pang'ono. Yesani pa B, yankho ndi lomwelo. Bokosi nalo likupatsani chithunzi chimodzi pa zonse ziwiri, chifukwa 23 ndi 32 onse ndi ochepera 35. Njira ziwirizi sizikuona kusiyana kulikonse pakati pa m'mawa ndi masana.

Masamu amafunsa funso lina: HCO3 ikatsika kufika 10, mapapo amphamvu amayenera kutsitsa PaCO2 mpaka pati? Fomula ya Winter, yogwira ntchito pa asidosisi ya metaboliki yokha, ndi iyi:

```
PaCO2 = (1.5 × HCO3) + 8 ± 2
```

1.5 kuchulukitsa ndi 10 ndi 15, kuwonjezera 8 ndi 23, ndiye tikuyembekeza pakati pa 21 ndi 25. Pa A, PaCO2 ndi 23: mapapo akugwira ntchito yawo bwinobwino, vuto ndi limodzi. Pa B ndi 32, pamwamba kwambiri pa 25. Ngakhale 32 ikuoneka yotsika tikaiyerekeza ndi munthu wathanzi, kwa mnyamatayu ndi yokwera. Asidosisi ya kupuma yawonjezekera pa ya metaboliki. Kuwodi izi zikutanthauza kuti minofu yopumira yatopa, kapena akuyamba kukomoka, kapena chibayo chalowererapo. Kupuma kwake kukamaoneka ngati kukudekha, womudikirira angaganize kuti akupeza bwino, pamene pH ikugwa. N'chifukwa chake sindiona fomula imeneyi ngati ya pa mayeso pokha. PaCO2 ikanakhala 15, pansi pa 21, tikanati pali alikalosisi ya kupuma yowonjezera, monga zimachitikira pa sepisisi kapena munthu akamwa asipirini wochuluka.

Njirayi nayo ili ndi zovuta zake. Imadya nthawi, ndipo vuto lililonse lili ndi lamulo lake, moti amene waloweza Winter yekha amamugwiritsa ntchito pa wodwala wosanza uja, pomwe siyoyenera. China ndi miyeso. Fomulayi imafuna mmHg, koma mabuku ena ndi makina ena amalemba kPa, pamene PaCO2 yabwino ndi 4.7 mpaka 6.0. Funso likati 4.3 kPa, chulukitsani kaye ndi 7.5, mupeza 32. Mukaiwala, mudzayerekeza 4.3 ndi 23 n'kupeza matenda amene kulibe.

Ine ndimasankha chonchi. Ndimayamba ndi bokosi, kapena mivi ngati funso ndi lalifupi, kuti ndipeze dzina. Dzinalo likakhala asidosisi ya metaboliki, sindichoka ndisanawerenge Winter, makamaka ndikaona kuti mwa mayankho osankha muli lotchula mavuto awiri pamodzi, kapena nkhani ya wodwalayo ikunena za kutopa ndi kuwodzera. Funso likapatsanso Na ndi Cl, wolembayo akufuna muchotsere kuti mupeze anion gap: `Na − (Cl + HCO3)`. Kwa mnyamata wathu, Na 134 ndi Cl 98 zikupereka 26, kutali ndi 8 mpaka 12 wa masiku onse, zomwe zikuloza ku asidi wowonjezereka m'magazi, apa maketoni a shuga. Akanakhala wotsegula m'mimba kwambiri, amene wangotaya bayikaboneti m'chimbudzi, Cl ikanakwera ndipo yankho likanakhala pafupi ndi 12.