Miyezi isanu ndi itatu ndi kachojambulira mawu: 96kHz ndinaisiya kalekale

“Achimwene, kachojambulira kam'manja munagula mu Meyi kaja kakugwirabe bwino? Ine ndikufuna kuyamba kujambula nkhani za agogo kumudzi, ndiye mnzanga wina akuti ndiike pa 96kHz/24bit kuti mawu azimveka ngati a pa wailesi. N'zoona zimenezi?”

Kakugwirabe, achemwali. Kawona mwera wa ku Nkhotakota, fumbi la Okutobala ndi mvula ya Disembala, koma mabatani onse akadali amoyo. Chimene chinatha ndi kasiponji ka pamwamba, komwe kanang'ambika m'chikwama. Chimene sindikakondera n'chakuti thupi lake n'lapulasitiki, ndiye chala chikangosuntha pang'ono, m'mawu mumalowa kugogoda ngati munthu akukoka mpando. Masiku ano ndimakamangirira pa kamtengo ka miyendo itatu, sindikagwiranso m'manja.

Za mnzanuyo, inenso ndinayambira pomwepo. Mwezi woyamba ndinkajambula chilichonse pa 96kHz/24bit, ndikudziwona ngati katswiri. Tsiku lina ndinakacheza ndi agogo ena aamuna amene anali asodzi pa unyamata wawo. Anatilandirira pabalaza pa mwana wawo, nyumba yamalata yopanda siling'i, pansi pa simenti, makoma opanda kanthu. Ine poopa kuwaloza ndi chinthu kumaso, ndinakaika patebulo, mita imodzi kuchokera pomwe anakhala. Tinacheza ola lathunthu. Nditafika kunyumba n'kuvala mahedifoni, agogo aja ankamveka ngati akulankhulira mu mgolo. Tambala wa kuseri ankamveka bwino kuposa iwo. Fayilo yake inali ya 2 GB, ndipo zonsezo zinangosunga mosamala phokoso la chipinda.

Nambala ya kHz ija imanena kuti makina akuyeza mawu kangati pa sekondi imodzi. 48kHz ndiye kuti ka 48,000. Lamulo lake n'lakuti makina amagwira mawu okwera kufika pa theka la nambalayo, choncho 48kHz imafika pa 24kHz, pomwe khutu la mwana wamng'ono limalekezera pa 20kHz, lathu akuluakulu limalekezera m'munsi mwake. Zimene 96kHz imawonjezera pamwamba apo angamve ndi mleme. Wailesi ya FM imene mnzanuyo akutchula imadula mawu cha pa 15kHz. Kumene nambalayi imapweteka ndi kumunsi. Foni ya masiku onse imayeza ka 8,000 kokha, ndipo mawu ake amathera cha pa 3,400Hz. Kaphokoso ka “s” kamakhala pamwamba pa apo, n'chifukwa chake pafoni “kusula” ndi “kufula” zimamveka ngati chimodzi mpaka ufunse kuti akunena za makasu kapena za uchi. Mukangofika pa 44.1kHz, ya pa CD ija, kapena 48kHz, vuto limeneli latha. Ine ndinakhazikika pa 48kHz chifukwa ndi imene mavidiyo amagwiritsa ntchito.

Sindinangokhulupirira zowerenga. Ndinatenga fayilo imodzi ya 96kHz/24bit, ndinaitsitsa mu pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu yotchedwa Audacity kufika pa 48kHz/16bit, n'kuwapatsa anzanga awiri mahedifoni osawauza kuti iyi ndi iti. Wina anasankha yotsitsidwayo kuti ndiye yabwino. Titabwereza, anasintha maganizo. Chimene chinasiyana ndi malo basi: khadi yanga ya 32 GB imatenga maola pafupifupi 15 pa 96kHz/24bit, koma pafupifupi 30 pa 48kHz/24bit.

Mabiti ndi nkhani ina, ndipo apa mnzanuyo ali ndi kachilungamo. Iwo amanena za mpata umene ulipo pakati pa mawu onong'ona kwambiri ndi ofuula kwambiri. Mpatawu umayezedwa mu dB, muyeso wa kukula kwa mawu. Biti iliyonse imapereka pafupifupi 6 dB, ndiye 16 imapereka 96 dB, 24 imapereka 144 dB papepala. Ndati papepala chifukwa kachojambulira kotsika mtengo ngati kanga kali ndi kaphokoso kakekake ka “sssss”, kamene kamayamba kumveka musanafike n'komwe pansi pa mabiti 16. Komabe ndimasiya pa 24, chifukwa cha khalidwe la anthu athu pocheza. Agogo amayamba motsitsa, ngati akukuuzani chinsinsi, kenako akakumbukira za ng'ona inawagubuduzira bwato amaseka mokweza n'kuwomba m'manja. Mawu akagunda pa 0 dB, pamwamba penipeni pa mita yowonetsa kukula kwa mawu pa kachojambulira, amaphwanyika, amamveka ngati sipika yong'ambika, ndipo apo mabiti 24 sakupulumutsani, kompyuta nayonso singabwezeretse bwinobwino. Ubwino wa 24 n'kuti mumatsitsa mphamvu ya maiki popanda nkhawa, n'kudzakweza mawu kunyumba. Ine ndimawapempha kuti anene dzina la mudzi wawo ndi la mfumu, ndikuzunguliza kagudumu ka mphamvu ya maiki mpaka mita ija izigunda cha pa -12 dB, ndipo LIMITER, yotchinga mawu kuti asapitirire 0 dB, ndimaisiya yoyaka.

Patatha milungu itatu ndinabwereranso kwa agogo aja. Ulendo uno ndinapempha kuti tikhale m'kanyumba kawo kaudzu, komwe muli mphasa pansi, matumba a chimanga pakona ndi zovala pachingwe. Mwana wawo sanasangalale kuti mlendo akukana pabalaza, ndinachita kufotokoza. Simenti ndi malata zimabweza mawu, udzu ndi nsalu zimawamwa. Pakhomo tinapachika zitenje ziwiri. Kachojambulira ndinakaika pa masentimita 25 kuchokera pakamwa pawo, chikhato chimodzi ndi zala zingapo. Masamu ake ndi awa: mukadula mtunda pakati, mawu a munthu amakwera ndi pafupifupi 6 dB, pomwe tambala ndi ana a panja akhala pomwe analiri. Kuchoka pa mita imodzi kufika pa theka, n'kufikanso pa kota, ndi 12 dB yaulere. Palibe batani pa kachojambulira kanga limene lingakupatseni zimenezo. Fayilo ya tsiku limenelo, ya 48kHz, ndi imene inamveka ngati ya pa wailesi, mpaka kupuma kwawo asanatchule dzina la malemu mkazi wawo.

Kuyandikira kuli ndi msampha wake, makamaka pa Chichewa. “Ph”, “th” ndi “kh” zathu zimatuluka ndi mpweya. Ikani dzanja pakamwa n'kunena “phala”, kenako “pala”, mumva nokha. Mpweya umenewo ukalunjika pa maiki umaphulika kuti bhu. Choncho musalozetse maiki pakamwa penipeni, iikeni chapambali pang'ono kapena m'munsi mwa chibwano, mpweya uzidutsa. Mphepo imachitanso chimodzimodzi koma moposa. Pa mwera wa mu Julaye kasiponji kanalephereratu, ndinachita kugula chovala chaubweya chovundikira maiki, ndipo ndicho chinthu chothandiza kwambiri chimene ndawonjezera. LO CUT ndimaiika pa 80Hz, imachepetsa kugunda kwa mphepo ndi kulira kwa magetsi athu a 50Hz, koma mawu a munthu wamwamuna, omwe amayambira cha pa 85Hz, imawasiya.

Mvula ya pa malata yokha ilibe mankhwala. Mu Disembala ndinadikira mphindi makumi anayi ndikumwa thobwa mpaka itakata.

Ndiye inu ikani pa mtundu wa fayilo wa WAV, 48kHz/24bit, musakhudzenso. Muvale mahedifoni nthawi yonse mukujambula, chifukwa mita imangokuwonetsani kukula kwa phokoso, siikuuzani kuti ndi agogo kapena chigayo cha kutsidya. Mabatire mutenge apadera, foni muzimitse kapena muisiye patali chifukwa imalowetsa kulira kwake m'mawu. Agogo anu ngati ali ndi khitchini yaudzu, muwapemphe kuti mukachezere m'menemo moto utazima.