Kuzoloweza khutu pa Praat: mmene zandiyendera patapita miyezi

"Achimwene, zomvetsera mavawelo zija munayamba chaka chatha mukuchitabe? Zikuthandiza, kapena ndisataye nazo nthawi?"

Ndikuchitabe, mng'ono wanga, ndipo phindu lilipo, koma silinabwere kudzera m'njira yomwe ambiri timayambira m'kalasi ya fonetiki. Praat payokha, pulogalamu ya pa kompyuta younikira mawu, ndilibe nayo dandaulo lalikulu. Praat ndi yaulere, anailemba Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yotopa. Nkhani yagona pa mawu omwe ukuika m'menemo.

Ife Chichewa chinatipatsa mavawelo asanu okha, choncho [i] ndi [ɪ] a m'mawu a Chingelezi heed ndi hid khutu limangowaponya m'thumba limodzi. Anzathu olankhula Chisutu kuno ku Joni sazunzika chimodzimodzi, poti chilankhulo chawo chimasiyanitsa mavawelo oyandikana ambiri kuposa chathu. 

Njira yofala ndi yojambula munthu mmodzi akutchula heed ndi hid kambirimbiri, kenako n'kupanga mayeso pa ExperimentMFC ya mu Praat, pomwe mawu amalira mosakanizika iwe n'kumadina batani. Pakapita masabata ochepa umayamba kukhoza pafupifupi onse, n'kumadziona ngati wafikapo. Koma chomwe khutu lagwira pamenepo ndi kutalika kwa vawelo, poti ya heed imakokedwa pomwe ya hid imadutsa msanga. Kamvekedwe kenikeni, kochokera pa malo omwe lilime laima, sikanalowe n'komwe.

Kuti udziwe ngati wagwa m'mbuna imeneyi, onjezeramo heat ndi hit. M'Chingelezi vawelo imafupika ikatsogolera konsonanti yosagwedeza kholingo ngati [t], motero ya heat imatha kufupika mpaka kuyandikana ndi ya hid. Wodalira kutalika amadina hit pomwe wolankhula anati heat, ndipo zolakwa zake zimapendekera mbali imodzi yomweyo. Kumbukiranso kuti mabatani akakhala awiri, ngakhale wongolotera amapeza theka. Mamalikisi 22 pa 40 ndiye kuti sunamve kanthu.

Chinandisinthira zinthu ndi kuchotseratu chizindikiro cha kutalikacho. Ndinadula mawu aliwonse paokha, n'kugwiritsa ntchito Lengthen (overlap-add) kufupikitsa aatali ndi kutalikitsa aafupi mpaka onse atafanana. Osakoka mopyola muyeso, mawu amayamba kumveka ngati wailesi yotha mabatire. Zikatero chotsala n'kumvetsera kamvekedwe basi. Pa chithunzi cha mawu kusiyanaku kumaoneka pa F1, mzere wakuda wapansi kwambiri, womwe umakwera lilime likamatsika. Pa kafukufuku wa Peterson ndi Barney wa 1952, amuna a ku Amereka ankapereka pafupifupi 270 Hz pa heed ndi 390 Hz pa hid. Manambalawo usawaloweze, chifukwa kwa akazi ndi ana amakwera. Ine ndimayang'ana chithunzicho ndikamaliza kuyankha, ndipo ndimangoona mawu omwe ndalakwa.

Chachiwiri ndi kuchulukitsa olankhula. Logan, Lively ndi Pisoni mu 1991 anaphunzitsa anthu a ku Japan kusiyanitsa r ndi l pogwiritsa ntchito mawu a anthu angapo, ndipo njira imeneyi ndi yomwe ikutsatidwa kwambiri mpaka pano. Ine ndinapempha anzanga a m'kalasi, amuna ndi akazi omwe, n'kuwajambula m'chipinda chopanda phokoso. Mmodzi ndinamusunga pambali osamumvera n'komwe, kuti adzakhale mayeso a kumapeto kwa mwezi. Ukakhoza pa mawu achilendo ngati amenewo, ndiye kuti khutu lazoloweradi.

Posankha mawu kuno samala. Azungu ambiri obadwira m'dziko muno vawelo ya bit ndi sit amaitchula ndi lilime lobwerera pakati, pomwe ya hit ndi kit imakhala kutsogolo. Ndiye bit ndi beat zimasiyana moonekeratu moti sizikuphunzitsa kanthu, n'chifukwa chake ndinakakamira mawu oyamba ndi h.

Zosandisangalatsa zilipo. ExperimentMFC sikuuza pompo ngati wakhoza kapena walakwa, umadikira mpaka kumapeto, pomwe khutu limaphunzira msanga likadzudzulidwa nthawi yomweyo. Ndiye masiku ena timakhala awiri, wina akuliza mawu n'kumandiyankha pomwepo, Praat n'kutsalira ntchito yoyeza. Zomvetsera uli mu takisi ya ku Bree iwalako, injini ndi mahutala zimameza kusiyana konse. Peza mahedifoni otseka makutu ndi mphindi 15 zabata, chifukwa ukapitirira apo khutu limatopa ndipo mamalikisi amatsika.

Pa [i] ndi [ɪ] pano sindikayikanso, ngakhale kwa munthu yemwe sindinamumvepo. Koma luso limeneli silisamuka lokha kupita pa mavawelo ena. Pa [e] ndi [ɛ] za mavawelo a muyezo a Daniel Jones ndinachita kuyambira pansi, ndipo pamenepo ndikadali m'njira, poti e wathu amakhala pakati pa awiriwo. Iwe yamba ndi awiri okha omwe amakugwetsa pa mayeso olemba zomwe wamva, ndipo usajambule munthu mmodzi yekha.