Pulogalamu yokumbutsa mabwana za mapempho a tchuthi: imathandiza, koma imawerenga masiku mbali imodzi

Kampani yathu, yomwe ili ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, inasiya mafomu a papepala n'kuyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa intaneti yopemphera tchuthi, ndipo ine ndi amene ndimaiyang'anira mu ofesi yoona za ogwira ntchito. Ndemangayi ikukhudza mbali imodzi yokha, yomwe ndi kukumbutsa akuluakulu a nthambi za mapempho amene akhalitsa osayankhidwa, komanso kupititsa pempho kwa bwana wamkulu pamene woyenera kuyankha wangokhala chete.

Tinaitchera motere: pempho likakhala masiku awiri ogwira ntchito lili pa Pending, kutanthauza kuti silinayankhidwe, mkulu wa nthambi amalandira chikumbutso choyamba, akakwana masiku anayi amalandira chachiwiri, ndipo akakwana masiku asanu pempholo limapita kwa bwana wa mkuluyo. Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti chikumbutso chachiwiri chimanena poyera kuti mawa nkhaniyi ikwera pamwamba. Mkulu aliyense safuna kuti bwana wake amve kuti iye wakhalira pempho la munthu, choncho mapempho ambiri amayankhidwa tsiku lomwelo popanda kuchititsana manyazi. Zathandizanso antchito aang'ono, monga madalaivala ndi osunga katundu, amene kale ankaopa kukagogoda ku ofesi kukafunsa kuti, "Bwana, kodi fomu yanga ija mwaiona?" poopa kuoneka ngati akukalamulira akuluakulu.

Chikumbutso chimabwera pa imelo komanso pa uthenga wa pa foni. Ndingalangize aliyense kuti alipire ndithu ndalama yoonjezera ya mauthenga a pa foni, chifukwa mkulu amene wapita kukaona makasitomala ku Mchinji kapena ku Dedza satsegula imelo mpaka atabwerera.

Vuto lalikulu lili pa kawerengedwe ka masiku. Pulogalamuyi imawerenga kuyambira tsiku limene pempho linatumizidwa, ndipo siyang'ana n'komwe tsiku limene tchuthicho chikuyamba. Dalaivala wina anatumiza pempho Lachisanu pa 9 Meyi 2025, akufuna kuyamba tchuthi Lolemba pa 19 Meyi. Chikumbutso choyamba chinapita Lachiwiri pa 13. Lachitatu pa 14 linali tsiku lokumbukira Kamuzu, ndipo poti tinalowetsa masiku a tchuthi cha dziko mu kalendala, pulogalamuyo inalidumpha monga inayenera kuchitira. Chikumbutso chachiwiri chinapita Lachisanu pa 16, ndipo pempholo linafika kwa bwana wamkulu Lolemba pa 19, tsiku lenileni limene munthuyo amayenera kukhala atanyamuka kale. Palibe chimene chinawonongeka m'makinawo, zonse zinayenda monga tinatcherera, komabe dalaivalayo anabwera ku ntchito m'mawa umenewo asakudziwa ngati agule tikiti ya basi kapena ayi.

Pempho la tchuthi choyamba miyezi iwiri ikubwerayi ndi pempho la tchuthi choyamba sabata yamawa sangadikire mofanana, koma pulogalamuyi imawaona ngati amodzi. Tinapempha otigulitsa kuti aikemo lamulo lachiwiri, loti pempho lizikwera lokha pakatsala masiku atatu kuti tchuthi chiyambe, ndipo anayankha mwaulemu kuti aganizirapo. Pakadali pano, Lachitatu lililonse ndimatsegula ndandanda wa mapempho osayankhidwa, ndimausanja potengera tsiku loyambira tchuthi, kenako ndimaimbira foni akuluakulu okhudzidwa.

Palinso kampata kena kamene akuluakulu ena anakatulukira msanga. Mkulu akabweza pempho kwa mwini wake ndi funso, ngakhale losafunika, kuwerenga masiku kumayambiranso pa chiyambi. Mungazindikire zimenezi poona mbiri ya pempholo: likakhala kuti labwezedwa kawiri popanda chosintha pa masiku opemphedwa, dziwani kuti wina akungogula nthawi. Komanso mkulu akapita ku tchuthi osasankha womugwirira, zikumbutso zimapitabe kwa iye mpaka masiku asanu onse atakwana.

Mu pulogalamuyi muli batani lolola kuti pempho livomerezeke lokha ngati palibe wayankha, koma ife tinalisiya lozima. N'zoona kuti lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa munthu masiku 15 a tchuthi pa chaka ngati amagwira masiku asanu pa sabata, kapena 18 ngati amagwira asanu ndi limodzi, koma kukhala ndi masikuwo sikutanthauza kuti madalaivala atatu angachoke sabata imodzi galimoto zili ndi katundu. Chigamulo chimenecho chimafuna munthu wodziwa ntchito ya nthambiyo.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Amene mukufuna kuigula, funsani kaye ngati ikutha kuwerenga masiku otsala kuti tchuthi chiyambe, ndipo muwauze ogulitsawo akuonetseni pa kompyuta musanasaine mgwirizano.