Kusunga Ndalama Mitengo Ikukwera: M'nyumba, ku Akaunti, ku Fikisidi Kapena pa Bondi?

Tiyerekeze kuti anthu anayi ali ndi ndalama zokwana 100,000 aliyense, ndipo onse akufuna kuzisunga kwa chaka chimodzi. M'chaka chimenecho mitengo ya zinthu yakwera ndi 20 peresenti, kutanthauza kuti dengu la katundu amene a zowerengera m'boma amagwiritsa ntchito poyeza inifulesheni kapena kuti kukwera kwa mitengo, lomwe linali pa 100,000, tsopano lili pa 120,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komwe mudzakumane nako pa mayeso. Funso lathu kwa aliyense wa anayiwa ndi limodzi: chaka chikatha, ndalama zake zigula gawo lanji la dengu lija?

Woyamba wazitsekera m'kabati. Sanabedwe, sanadulidwe kalikonse, ndipo akawerenga apeza 100,000 yake ili chikhalire. Koma gawani 100,000 ndi 1.20, mupeza 83,333. Imeneyo ndiyo mphamvu yogulira imene yatsala tikaiyeza pa mitengo ya chaka chatha. Onetsetsani bwino apa, chifukwa ophunzira ambiri amaphonya: mitengo ikakwera ndi 20 peresenti, mphamvu yogulira imatsika ndi pafupifupi 16.7 peresenti, osati 20. Mukamangochotsera, ndiye kuti mitengo itakwera ndi 100 peresenti ndalama zikanasanduka zopanda ntchito, chonsecho zimagulabe theka la zomwe zinkagula. Akazisiya momwemo zaka 3 mitengo ikukwera chimodzimodzi, mugawa ndi 1.20 katatu, n'kutsala ndi 57,870. Ubwino wa kabati ndi umodzi wokha, woti ndalama zili pafupi tsiku la mavuto.

Wachiwiri waziika ku akaunti yosungira ndalama kubanki, yopereka chiwongoladzanja cha 8 peresenti. Uyu ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa amakhala wokondwa. Sitetimenti ikubwera ikuonetsa 108,000, iye n'kumati ndalama zabereka. Gawani 108,000 ndi 1.20: yankho ndi 90,000. Waluza gawo limodzi mwa magawo 10 a chuma chake pamene nambala ya pa pepala ikukwera, ngati mtengo umene chiswe chaudya m'kati khungwa lili bwinobwino.

Apa m'pamene pali kusiyana kwa chiwongoladzanja cha pa pepala ndi chiwongoladzanja chenicheni. Cha pa pepala ndi chija banki imalengeza. Chenicheni ndi chotsala mukachotsapo mphamvu ya kukwera kwa mitengo. Ubale wa ziwirizi umatchedwa ndi dzina la Irving Fisher, katswiri wa zachuma wa ku America, ndipo umalembedwa m'njira ziwiri, pomwe i ndi cha pa pepala, π ndi inifulesheni, ndipo r ndi chenicheni:

```
r ≈ i − π
r = (1 + i) / (1 + π) − 1
```

Njira yoyamba ndi yachidule: 8 kuchotsa 20 ikupereka −12 peresenti. Yachiwiri ndi yolondola: 1.08 kugawa ndi 1.20, kuchotsa 1, ikupereka −10 peresenti, zomwe zikugwirizana ndi 90,000 ija. Inifulesheni ikakhala ya 2 kapena 3 peresenti, njira ziwirizi zimangosiyana pang'onong'ono, ndipo yachiduleyo ndi yokwanira. Ikafika pa 20 kapena kuposa, yachidule imasocheretsa, gwiritsani ntchito yachiwiri.

Wachitatu ndi wochenjera, waika pa fikisidi dipoziti, akaunti imene ndalama zimatsekeredwa kwa nthawi yogwirizana, ya chaka chimodzi pa 22 peresenti. Poyamba zikuoneka kuti wapambana: 122,000 kugawa ndi 1.20 ikupereka 101,667. Koma m'maiko ambiri chiwongoladzanja chimadulidwa msonkho, ndipo msonkhowo amauwerengera pa chiwongoladzanja cha pa pepala, osati chenicheni. Tinene kuti ndi 20 peresenti. Pa 22,000 imene wapata, boma litengapo 4,400, iye atsala ndi 117,600, yomwe ikugula zinthu za 98,000 pa mitengo yakale. Walipira msonkho pa phindu limene kwenikweni kunalibe, popeza 20,000 mwa 22,000 ija inali yongobwezeretsa zomwe kukwera kwa mitengo kwadya.

Vuto lina la fikisidi ndi lakuti 22 peresenti mumaisainira lero, pomwe inifulesheni ya chakacho mudzaidziwa chikatha. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti m'malo mwa 20, ndiye kuti 122,000 ikhala 93,846 msonkho usanadulidwe n'komwe, ndipo mukafuna kuthyola fikisidiyo nthawi isanakwane banki imakulipiritsani chindapusa. Ikatsika kufika pa 10 peresenti, mwaphula: 110,909. N'chifukwa chake m'kalasi amasiyanitsa chiwongoladzanja chenicheni choyembekezeredwa ndi chomwe chapezekadi pamapeto. Inifulesheni yodzidzimutsa imachotsa chuma kwa wobwereketsa n'kuchipereka kwa wobwereka, ndipo wosunga ndalama kubanki, kaya akudziwa kaya sakudziwa, ndi wobwereketsa.

Wachinayi wabwereketsa boma ndalama pogula bondi yomwe mtengo wake umatsatira mlozo wa mitengo, nambala yoonetsa momwe mtengo wa dengu lija ukusinthira. Boma la Britain linayamba kugulitsa mabondi otere mu 1981, ndipo la America linatsatira mu 1997 ndi amene amatchedwa TIPS. Apa boma sililonjeza nambala, limalonjeza mphamvu yogulira. Bondi ikakhala ya 1 peresenti, 100,000 ija imakwezedwa kufika pa 120,000, kenako 1 peresenti imawerengedwa pa 120,000, n'kupereka 1,200. Zonse pamodzi ndi 121,200, yomwe ndi 101,000 pa mitengo yakale. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti, yankho likhalabe 101,000. Ikakwera ndi 10 yokha, likhalabe lomwelo, ndipo pamenepo wa fikisidi amamuposa kutali.

Musaitenge ngati njira yopanda banga. Si maiko onse ali nayo. Mukaigulitsa isanakhwime, mtengo wake pa msika ukhoza kukhala utatsika. Ku America ndalama zokwezerazo nazo zimadulidwa msonkho wa boma lalikulu. Komanso mlozo wa mitengo umayeza dengu la banja lapakatikati, osati lanu. Ngati ndalama zanu zambiri zimathera pa lendi ndipo lendi yakwera kuposa zina zonse, bondi ikubwezerani zochepa kuposa zomwe mwataya.

Mwa njira zinayizi, ine ndimaona kuti akaunti wamba ndi ya ndalama zoti zigwire ntchito m'miyezi yochepa basi, kabati ndi ya zangozi. Za nthawi yaitali, mpikisano uli pakati pa fikisidi ndi bondi yotsatira mitengo, ndipo chogamula ndi nambala imodzi: inifulesheni imene ingapangitse ziwirizi kufanana. M'chitsanzo chathu, tisanawerengere msonkho, 1.22 kugawa ndi 1.01, kuchotsa 1, ikupereka pafupifupi 20.8 peresenti. Ngati mukuganiza kuti mitengo ikwera kuposa pamenepo, tengani bondi. Ngati mukuganiza kuti siifikapo, fikisidi ikupatsani zambiri.

Chomaliza n'chokhudza nkhani zija mumamva zoti inifulesheni yatsika. Ikachoka pa 20 kufika pa 10 peresenti, mitengo siinatsike, yangochepetsa liwiro. Dengu lija lichoka pa 120,000 kufika pa 132,000, ndipo 100,000 ya m'kabati, yomwe inali itatsika kale kufika pa 83,333, tsopano ikugula zinthu za 75,758.