Ndege ikachedwa, ndani akudyetsani ndi kukugonekani: British Airways, KLM kapena Ethiopian?

Ambirife tikamagula tikiti ya pakati pa Lilongwe ndi London timayang'ana mtengo ndi makilo a katundu, basi. Za chakudya ndi pogona timadzaziganizira tili kale pa bwalo la ndege, mimba ili pululu, mwana akulira, pa bolodi nthawi yonyamukira ikungosunthidwa. Pamenepo m'pamene munthu amadziwira kuti matikiti awiri a mtengo wofanana sakhala ndi chitetezo chofanana.

Tiyambe ndi lamulo la ku Ulaya, EC 261/2004, lomwe Britain atatuluka mu EU analisunga, anthu n'kumalitcha UK261. Lamuloli limawerenga maola potengera kutalika kwa ulendo. Ulendo wosapitirira makilomita 1,500, monga Amsterdam kupita London, ndege ikachedwa kunyamuka ndi maola 2 kampani iyenera kukupatsani chakudya ndi zakumwa. Pakati pa makilomita 1,500 ndi 3,500 ndi maola 3. Ukapitirira makilomita 3,500, monga Nairobi kupita Amsterdam kapena Johannesburg kupita London, ndi maola 4. Chakudyacho chizigwirizana ndi nthawi yomwe mwadikira, kutanthauza kuti vocha imodzi ya m'mawa siikwanira ngati mukadali pomwepo usiku. Ngati ndegeyo yasunthidwira mawa, ayenera kukupezerani hotela ndi galimoto yokufikitsani kumeneko ndi kukubwezani. Ikachedwa maola 5, muli ndi ufulu wousiya ulendowo n'kubwezeredwa ndalama za tikiti.

Chomwe ndimakondera lamuloli n'chakuti silifunsa kuti wolakwa ndani. Kaya ndi chifunga, kaya mkuntho, kaya sitiraka ya oyang'anira mlengalenga, kudyetsa ndi kugoneka apaulendo ndi udindo wa kampani. Nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu la EU phiri la ku Iceland litaphulika mu 2010, ndege n'kuima masiku angapo. Pa mlandu wa McDonagh ndi Ryanair, mu 2013, khoti linagamula kuti udindowu suchoka ngakhale pa tsoka lotere, ndipo ulibe malire a masiku kapena a ndalama. Nyengo yoipa imangochotsa chipukuta misozi chomwe lamuloli limalamulanso kuti mupatsidwe mukafika mochedwa kwambiri, cha mayuro 600 kapena mapaundi 520 pa maulendo aatali. Choncho wa pa kauntala akakuuzani kuti "ndi nyengo, palibe chomwe tingachite", akusakaniza zinthu ziwiri zosiyana.

Tsono apa ndi pomwe makampani amasiyanirana. Pochoka ku London, ndege iliyonse ili pansi pa UK261. Ethiopian, Kenya Airways, British Airways, onse akachedwa pa Heathrow ayenera kutulutsa vocha. Pochoka ku Amsterdam kapena Paris n'chimodzimodzi, pansi pa lamulo la EU. Koma pochokera kuno kwathu kulowera ku Ulaya, lamuloli limagwira makampani a ku Ulaya okha. British Airways kapena Virgin Atlantic ikachedwa pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg polowera London, mwatetezedwa. KLM ikachedwa pa bwalo la Jomo Kenyatta ku Nairobi polowera Amsterdam, mwatetezedwa. Ethiopian yochoka ku Addis Ababa kapena Kenya Airways yochoka ku Nairobi, lamulo la ku Ulayali siliwakhudza. Sindikunena kuti sangakupatseni kanthu, koma chomwe mungagwire m'manja pokambirana nawo ndi malamulo a tikiti yawo ndi a dziko lomwe mwaimalo, osati maola 4 aja.

Palinso msampha wa matikiti ogawana. Mutha kugula pa webusayiti ya KLM, nambala ya ndege n'kuyamba ndi KL, koma ndege yeniyeniyo ili ya Kenya Airways. Lamulo limayang'ana amene akuyendetsa ndegeyo, osati amene anagulitsa tikiti. Musanalipire, fufuzani kamzere kolembedwa kuti "operated by" pansi pa nambala ya ndege. Kwa ine kamzere kameneko kamalemera kuposa kusiyana kwa mapaundi 40 pa mtengo, makamaka ndikamayenda ndi ana kapena ndikamagulira tikiti mayi okalamba omwe sangathe kulimbana ndi munthu pa kauntala.

Ethiopian ili ndi chake chomwe chimakopa, ndipo tisachinyoze. Ngati ndondomeko ya ulendo wanu ikukukhazikani ku Addis Ababa maola a pakati pa 8 ndi 24 podikira ndege yotsatira, imapereka hotela ndi chakudya kwa omwe akwaniritsa zofunikira zake. Koma iyi ndi hotela ya kudikira kokonzedweratu pa tikiti, yomwe kampani inasankha yokha kupereka. Si chinthu chimodzi ndi ufulu wa munthu amene ndege yake yachedwa.

Kwa amene amapitirira ku America, zinthu n'zofooka. Kumeneko kulibe lamulo la boma lokakamiza vocha ya chakudya kapena hotela. Makampani akuluakulu analonjeza okha, ndipo unduna wa zamtengatenga unayamba kuonetsa malonjezowo poyera mu 2022: chakudya mukadikira maola 3, ndipo ambiri hotela mukagona. Koma lonjezolo limagwira vuto likakhala la kampani, monga ndege kuwonongeka kapena kusowa kwa oyendetsa. Chipale chikatseka bwalo ku New York, hotela mulipira nokha.

Tiyerekeze mwatsatane. Mukunyamuka pa O.R. Tambo 8 koloko usiku pa ndege ya kampani ya ku Britain. Alengeza kuti yachedwa mpaka 1 koloko usiku. Amenewo ndi maola 5, apitirira 4 aja, ndiye vocha ya chakudya ndi yanu. Pakati pa usiku alengezanso kuti ndege inyamuka 2 koloko masana. Apa hotela yalowa, pamodzi ndi basi kapena takisi, chakudya cham'mawa ndi chamasana. Ine zoterezi zinandichitikirapo pa bwalo lina. Mzere wa pa kauntala unakhota mpaka ku zimbudzi, wogwira ntchito ali mmodzi, ndipo titafika kutsogolo anati zipinda zatha. Bambo wina amene ndinaima naye anangoyala jekete pansi n'kugona. Ine ndinapempha mayi wa pa kauntalayo andilembere pa pepala kuti alibe chipinda chondipatsa, ndinajambula bolodi pa foni, ndinapeza hotela wamba yapafupi, n'kusunga malisiti onse, ngakhale ka botolo la madzi. Ndalamazo kampani ya ndegeyo inandibwezera.

Pamenepa samalani ndi zomwe mukugula. Amabweza zoyenera zokha, ndiye mowa ndi hotela yapamwamba adzakana. Lisiti likhale losonyeza chinthu chilichonse chomwe mwagula, osati kapepala ka makina a khadi kongoonetsa ndalama. Ku Britain, kampani ikakana kapena ikangokhala chete masabata 8, dandaulo mutha kulipititsa ku bungwe loweruza lomwe kampaniyo inalembetsako, monga CEDR kapena AviationADR.

Chinthu chimodzi chimagwetsa ubwino wa njira ya ku Amsterdam kwa ife a pasipoti ya Malawi: viza. Vocha ya hotela ya kunja kwa Schiphol ilibe ntchito ngati mulibe viza ya Schengen yotulukira pa bwalo. Mkati mwa bwalomo muli mahotela, koma zipinda zake n'zochepa ndipo usiku wa chisokonezo zimatha msanga. Mukangomva kuti mugona, uzani wa pa kauntala nthawi yomweyo kuti simungadutse pa imigireshoni, kuti akusakireni chipinda cha mkati anzanu asanazimalize.