Kope la chikuto cholimba lomwe ndinagula ku Down Shops: inki ikudutsa, masamba akuthothoka

Ndinagula kopeli pa shopu ina yogulitsa zolembera ku Down Shops, m'tauni ya Chipata, lija la masamba 192 lomwe amati tu kwaya. Mtengo wake sindinatsitsitse. Ndinafotokoza bwinobwino kwa mnyamata wogulitsayo chimene ndinkalifunira. Ndikuwerenga buku la nthano yaitali, masamba opitirira 600, ya banja limodzi kuyambira agogo mpaka zidzukulu, ndipo anthu atatu m'menemo ali ndi dzina limodzi. Ndimawerenga madzulo okha ndikaweruka, nthawi zina sabata yathunthu imapita osaligwira. Popanda kope ndimasokonezeka.

Ndinamufunsa zinthu ziwiri zokha, ngati masamba ake ndi osokedwa ndi ulusi komanso ngati inki siidutsa kuseri. Iye anati, “Amayi, ili ndi lolimba, tengani musakayike.” Kopelo linali m'pulasitiki ndipo anakana kuti ndilitsegule.

Kalembedwe kanga ndi aka. Masamba awiri oyamba ndimajambulapo mtundu wonse wa banjalo, wobala pamwamba, ana pansi, ndipo pambali pa dzina lililonse ndimaika nambala ya tsamba lomwe munthuyo waonekera koyamba. Kenako nkhani iliyonse yoyenda m'bukumo ndimaipatsa chilembo chake: M ndi mkangano wa munda, K ndi kalata yomwe inabisidwa, U ndi ukwati wa mwana wamkazi. Nkhaniyo ikatulukiranso, ndimalemba chilembocho ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba la bukulo, pamodzi ndi nambala ya tsamba lomwe ndinaionera komaliza. M'kopemo, mutu uliwonse ukatha, ndimalemba mizere itatu basi: ndani analipo, chasintha n'chiyani, ndi funso lomwe latsala losayankhidwa. Mukalemba zambiri mudzapeza kuti mukukopera buku lonse, kuwerengako kwaima.

Tsono tamvani zomwe zinachitika. Nditafika pa tsamba 431, mdzukulu uja anapeza kalata m'sutukesi ya agogo ake. Mtima unagunda, chifukwa ndinkakumbukira kuti kalatayi inatchulidwapo kalekale, koma woilemba ndinali nditamuiwala. M'mphepete ndinali nditalemba K 88 koyambirira kwa nkhaniyo, ndiye ndinatsegula kope kuti ndione zomwe ndinalemba za mutu umenewo. Inki ya bolopeni ya jelo yomwe ndinalembera kuseri kwake inali italowerera, mawu a mbali ziwirizo atasakanikirana moti dzina silinkawerengeka. Nditapita kutsogolo kuti ndione mtundu wa banja uja, tsamba limodzi panalibe. Linathothoka, mwina m'chikwama, mwina tsiku lomwe ndinakwera njinga yakabaza kuchokera ku Kapata. Ntchito ya milungu isanu! Usiku umenewo ndinabwereza mitu iwiri yathunthu kuti ndidziwe kuti mwa anthu atatu a dzina limodzi aja, wolemba kalatayo anali wapakati.

M'mawa mwake ndinabwerera ku shopuko. Mnyamata uja sanaliyang'ane n'komwe kopelo, anangoti katundu akatuluka sabwezedwa, maso ali pa foni. Ndalamayo si imene inandiwawa kwambiri. Chinandiwawa n'chakuti ndinafunsa mwaulemu ndipo anandinamiza akudziwa. Kumeneko sindidzagulakonso ngakhale labala.

Panopa ndadziwa koyang'ana. Kope losokedwa, mukaliyang'ana pamsana kuchokera pamwamba, mumaona timitolo ta mapepala opindidwa, ndipo mukatsegula pakati pa kamtolo ulusi umaoneka. Langali ndi mapepala ongomatidwa ndi guluu, n'chifukwa chake oyambirira, omwe ndimatsegula tsiku lililonse, ndi amene anayamba kuchoka. Za inki, kwezani tsamba limodzi poyera. Ngati mizere yakuseri ikuoneka bwino, pepalalo ndi lopyapyala.

Komabe ndisaname, kopelo sindinalitaye. Ndinaliboola pafupi ndi msana malo anayi n'kulisoka ndi ulusi wa nsapato, ndipo kuyambira pamenepo palibe tsamba lachoka. Ndi pensulo ya HB pepalali limalembeka bwino kwambiri, labala salinyula. Mpata womwe uli kumanzere kwa mzere wofiira ndi waukulu, umakwana chilembo ndi nambala ya tsamba, moti ndikafuna kutsata nkhani ya munda yokha ndimangotsetsereka ndi chala kufunafuna M. Chikuto nachonso chapirira mvula ya Disembala kawiri.

Mtundu wa banja uja ndaujambulanso mkati mwa chikuto chenichenicho, pomwe sungathothoke. Ndatsala ndi masamba 140, ndipo funso la munda likadali losayankhidwa m'kopemo.